Lipoti la mwana wa Sitandade 7 amene ankalephera masamu, ndi mmene ndinaikira fizi ya patitayimu

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Ndinamaliza maphunziro anga ku koleji ya aphunzitsi, ndipo podikira kulembedwa ntchito ndi boma ndinayamba kuphunzitsa ana masamu ndi Chingerezi akaweruka kusukulu, kuno ku Bangwe mumzinda wa Blantyre. Makolo amati patitayimu. Lipotili ndi la mtsikana mmodzi amene ndinamulandira mu Okutobala 2023 ali mu Sitandade 7, komanso la gulu limene ndinamuikamo. Dzina lake sindilitchula. Ndalemba za iyeyo chifukwa pa nkhani yake m'pamene ndinaona bwino kuti vuto la mwana, kukula kwa gulu ndi fizi ndi chingwe chimodzi.

Mmene ndinayambira molakwika

Chaka chimene ndinayamba ntchitoyi ndinkaganiza kuti kuchuluka kwa ana ndiye phindu. Ndinalemba chikwangwani, ndinachikhoma pamtengo pafupi ndi chigayo, ndipo ndinaika fizi ya K3,000 pamwezi kuti aliyense akwanitse. Anabwera ana 23, kuyambira Sitandade 4 mpaka Sitandade 8. Pa pepala ndalama zinali K69,000. Zimene ndinkatolera sizinkafika ndi theka lomwe, chifukwa kholo limene silinakumanepo nawe maso ndi maso silichita manyazi kukubisalira pakutha pa mwezi. Choipa kwambiri chinali chakuti anawo sankapindula. Ndinkalemba masamu pabolodi, iwo n'kukopera, ine n'kuchonga makope mothamanga dzuwa likulowa. Mwana amene wakhala m'kalasi yodzaza m'mawa wonse ndinkamuikanso m'kalasi ina yodzaza masana. Patatha miyezi itatu ndinatseka, ndinachotsa chikwangwani chija.

Nditayambiranso ndinasiya kuitana anthu onse. Ndinapita kwa makolo anayi amene ana awo ndinaona kuti anali ndi chidwi, ndinawafotokozera kuti ndikufuna gulu la ana osapitirira asanu ndi mmodzi. Ana ena anabwera kudzera mwa makolo omwewo, ku mpingo ndi ku banki m'khonde kumene amayi amakumana sabata iliyonse. Mpaka lero njira imene imandibweretsera ophunzira ndi yomweyi: mayi amaona kope la mwana wa mnzake, n'kufunsa kuti amaphunzira kuti. Aphunzitsi a pa sukulu zapafupi amandidziwa, koma sindiwapempha kuti azinditumizira ana, ndipo sindiwagawira kanthu. Mwana akamva kuti aphunzitsi ake am'kalasi ndi amene akumukankhira ku patitayimu, kholo limayamba kuganiza kuti akapanda kulipira mwanayo azimanidwa malikisi, ndipo maganizo amenewo akalowa satulukanso.

Kubwera kwa mtsikanayu

Mayi ake amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Anafika madzulo atanyamula lipoti la sukulu la temu yomaliza ya Sitandade 6. Masamu anapeza 28, Chingerezi 41.

"Aphunzitsi, mwanayu mutu wake ndi wouma pa masamu. Chaka cha sukulu chamawa alemba mayeso a Maneb. Mundithandize, muzingomupatsa mapepala a mayeso akale mpaka alowe m'mutu."

"Mayi, mundibwereke mwanayu masana awiri kaye, osalipira. Ndikufuna ndione pamene pathyoka. Ndikaona ndidzakuuzani ngati ndingathe kapena ayi."

Masana awiri aulerewa ndimachita ndi mwana aliyense watsopano. Sindiphunzitsa kanthu, ndimangoyang'ana. Ndinamupatsa masamu khumi ndi awiri, kuyambira a Sitandade 3 kukwera mpaka a kalasi yake, ndipo ndinakhala pambali pake kuti ndione dzanja likuyenda bwanji. Yankho lokha silikuuza zambiri. Njira imene mwana wadutsa ndi imene imaulula vuto.

Samu yachinayi inali 503 − 178. Analemba 475, mosakayika, mwaukhondo. Mukayang'ana bwino muona chimene anachita: pa mzere uliwonse anachotsa nambala yaing'ono kwa yaikulu, osasamala kuti ili pamwamba ndi iti. Anati 8 kuchotsa 3 ndi 5, kenako 7 kuchotsa 0 ndi 7, kenako 5 kuchotsa 1 ndi 4. Mwanayu anali ndi lamulo lakelake ndipo ankalitsatira mokhulupirika. Lamulo limeneli limapereka yankho lolondola pa samu ngati 586 − 243, imene sifuna kubwereka, n'chifukwa chake anadutsa nalo makalasi angapo osagwidwa. Nthawi zina ankakhoza, nthawi zina ankalakwa, ndipo iye sankadziwa kusiyana kwake.

Pa kuchulukitsa, 7 × 8 anaipeza polemba timizere 56 kumapeto kwa kope ndi kutiwerenga kamodzikamodzi. Yankho linali lolondola, koma linamudyera pafupifupi mphindi zitatu. Pa mayeso mwana wotere nthawi imamuthera asanafike pakati pa pepala. Pa mafulakishoni analemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, kuphatikiza zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha.

Ndiye ndinatseka kope. Ndinamufunsa pakamwa, m'Chichewa: "Munthu wagula tomato wa K180, wakupatsa K500. Um'bwezera chenje cha zingati?" Sanaganize ndi komwe. "K320, aphunzitsi." Ndinamufunsa kuti wapeza bwanji. Anati kuchoka pa 180 kufika pa 200 ndi 20, kuchoka pa 200 kufika pa 500 ndi 300. Mwana amene amayi ake ankati mutu wake ndi wouma anali atachotsera manambala a mahandiredi m'mutu, chifukwa Loweruka lililonse amakhala pa benchi ya tomato.

Masana achiwiri ndinayesa chinthu china. Ndinatenga masamu khumi a mawu, a mtundu wa nkhani yaifupi imene mwana amayenera kupezamo samu. Atawerenga yekha m'Chingerezi anakhoza atatu. Ndinamupatsa ena khumi ofanana nawo kulemera, ndikumuwerengera m'Chichewa, ndipo anakhoza asanu ndi awiri. Apa m'pamene pali vuto la ana ambiri a m'sukulu zathu. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira m'Chichewa, akafika Sitandade 5 maphunziro amatembenukira ku Chingerezi, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 pepala la masamu limabwera m'Chingerezi. Mwana amene Chingerezi chake chinatsalira amalephera masamu amene akuwadziwa. Mtsikanayu anakodwa pa liwu limodzi lachingerezi limene limatanthauza kumanzere komanso zotsala. Funso linkafunsa malalanje amene atsala, iye ankafufuza malalanje a kumanzere. Ndinamuwerengetsanso ndime ya m'buku la Sitandade 5 ndikuyang'ana wotchi: mawu 34 pa mphindi, akudumpha mawu aatali ndi kungoganizira kuchokera pa chilembo choyamba.

Ndinawauza amayi ake zimene ndapeza. Ndinati mapepala a mayeso akale sindiwagwira temu imeneyi, chifukwa kumupatsa mapepala mwana amene sadziwa kubwereka n'kumuzoloweretsa kulephera. Sanakondwe kwenikweni. Anafunsa ngati sindikumubwezera mwana ku Sitandade 3. Ndinatenga kope, ndinawaonetsa 475 uja, ndinawafunsa ngati munthu wokhala ndi K503 atagula katundu wa K178 angatsale ndi K475. Anaseka, anati pamenepo bizinesi ikhoza kukoma. Tinagwirizana.

Nkhani ya fizi

Fizi yanga inali K8,000 pamwezi pa mwana mmodzi, masiku atatu pasabata, ola limodzi ndi theka tsiku lililonse. Nambala imeneyi sindinaitole pamsewu, ndipo kholo lililonse ndimalionetsa mmene inabwerera. Ana asanu ndi mmodzi ankapereka K48,000. Pamenepo ndinkachotsa K10,000 ya lendi ya kachipinda kamene ndimaphunzitsiramo, K6,000 ya choko, mapepala ndi fotokope, ndi K2,000 ya mayunitsi oimbira makolo. Zinkatsala K30,000. Pamwezi timakumana kakhumi ndi kawiri, amene ndi maola 18. Tsiku lililonse la phunziro limandidyeranso ola lina lokonzekera ndi kuchonga makope, ndiye maola onse ndi 30. Zikutanthauza kuti ola langa linali K1,000. Ndinali ndi magulu awiri, choncho mwezi wabwino ndinkapeza K60,000, pa nthawi imene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pamwezi.

Anzanga ambiri pa ntchitoyi amaiwala ola lokonzekera lija powerengera. Amaika fizi yotsika, kenako akaona kuti sakupindula amawonjezera ana, ndipo amathera pamene ndinathera ine ndi ana 23 aja. Fizi yotsika kwambiri imalipidwa ndi mwana, chifukwa kope lake silichongedwa.

Amayi a mtsikanayu anati K8,000 kamodzi sangaipeze. Ndalama ya tomato imabwera tsiku ndi tsiku ndipo imapita tsiku lomwelo. Tinagwirizana K2,000 Lachisanu lililonse, pamanja kapena pa Airtel Money, ndipo mwezi ukakhala ndi Lachisanu lachisanu sabata imeneyo salipira. Ndili ndi kope la fizi limene kholo limasaina, ndipo ndalama sindilandira kuchokera kwa mwana. Ndinaphunzira zimenezi mwana wina atandiuza kuti bambo ake sanam'patse, bambowo akulumbira kuti anam'patsa, ine ndili pakati. Komanso mwana sayenera kukhala pa benchi akudziwa kuti aphunzitsi akumuyang'ana ngati ngongole. Kholo likachedwa ndimapita kwa kholo. Mwanayo amapitiriza kuphunzira mpaka sabata ziwiri, ndipo ngati kholo silinaonekebe ndimaliuza lenilenilo kuti tiime kaye.

Anapemphanso chinthu china: kuti azilipira theka, theka linalo adzapereke mwana akakhoza. Ndinakana. Ndinati, "Mayi, ine ndikugulitsa maola anga ndi luso langa. Kukhoza kwa mwana kuli ndi eni ake ambiri, inuyo, sukulu, thanzi lake ndi iye mwini. Chimene ndingalonjeze n'chakuti mwezi uliwonse ndikuonetsani kope lake, muone ngati tikuyenda. Mukaona kuti sitikuyenda, mumuchotse."

Ntchito yeniyeni

Sindinamuike m'gulu la anzake a Sitandade 7. Magulu anga ndimawagawa potengera pamene mwana wafika, osati kalasi yake. Iye analowa m'gulu la ana asanu ndi mmodzi, awiri a Sitandade 5, atatu a Sitandade 6 ndi iyeyo, onse ovutika ndi kubwereka ndi matebulo. Sabata yoyamba anachita manyazi, pokhala wamkulu pa onse. Zinatha pamene tinayamba masewera a chenje, chifukwa pamenepo palibe amene ankamuposa.

Timayamba 3 koloko kuti ana ayambe apita kunyumba kukadya. Mwana wanjala ndimamudziwa pakatha mphindi makumi awiri, mutu umagwera pa desiki. Timaweruka hafu pasiti folo kuti aliyense afike kwawo kukuwala, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kuno kumada msanga ndipo chiperoni chimatsika. Chitseko chimakhala chotsegula nthawi zonse ndipo sinditsala ndi mwana mmodzi m'chipinda. Makolo ndimawauza zimenezi tsiku loyamba asanafunse.

Kubwereka ndinakuphunzitsa ndi ndalama za mapepala. Tinadula makatoni, tinapanga ma K100, ma K10 ndi ma K1. Ndinayala 503 patebulo: ma K100 asanu, malo a ma K10 opanda kanthu, ma K1 atatu. Ndinati, "Ndipatse K178." Anayang'ana ma K1 atatu aja, anati sakwana asanu ndi atatu. Ndinafunsa kuti kumsika amatani zikatero. Anati amakasinthitsa. Anafuna kusintha K10, anapeza kuti palibe. Anakhala chete kanthawi, kenako anatola K100 imodzi, anaisintha kukhala ma K10 khumi, anatenga K10 imodzi mwa amenewo n'kuisintha kukhala ma K1 khumi. Patebulo panali tsopano ma K100 anayi, ma K10 asanu ndi anayi, ma K1 khumi ndi atatu. Anandipatsa K178 yanga, anawerenga zotsala, anapeza 325. Pamenepo m'pamene ndinalemba samuyo pabolodi, kudula 5 kulemba 4, kudula 0 kulemba 9, kuika 1 kutsogolo kwa 3. Anayang'ana bolodi, anayang'ana makatoni, anati, "Kani 9 uja amachokera pamenepa." Anali atamuonapo 9 ameneyu pabolodi kusukulu kwa zaka zingapo, akutuluka ngati wamatsenga.

Tinakhala pa makatoni sabata zitatu. Ndikanatha kufulumira, koma lamulo lolakwika limene mwana wakhala nalo zaka zinayi limabwerera akangotopa kapena akachita mantha. Ndinamuphunzitsanso kudziyesa yekha: yankho ukaliphatikiza ndi chimene wachotsa liyenera kukubwezera pa nambala yoyamba. Atayesa pa 475 wake uja anapeza 653, ndipo anaona yekha kuti china chake chalakwika popanda ine kunena.

Matebulo tinkawapatsa mphindi khumi zoyambirira tsiku lililonse. Kuimba tebulo kuchokera pa 1 kufika pa 12 ana amakutha, koma ukawafunsa 7 × 8 payokha amayambira pa chiyambi cha nyimbo. Choncho ndinalemba samu iliyonse pa kakhadi kake, yankho kumbuyo, ndipo ankafunsana awiriawiri mosakaniza. Makhadi amene mwana wawayankha msanga ankaikidwa pambali, otsalawo ankapita nawo kunyumba. Mafulakishoni tinawayamba mu Januwale popinda mapepala. Pepala lopindidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi limaonetsa kuti theka ndi zigawo zitatu, 1/3 ndi zigawo ziwiri, zonse pamodzi 5/6, ndipo mwana akaika 2/5 pambali pake amaona kuti n'chochepa kuposa theka limene anayamba nalo.

Chingerezi sindinachipatse tsiku lakelake. Theka lachiwiri la phunziro lililonse tinkawerenga mokweza, mwana aliyense ndime yake, kuchokera m'buku limene angalikwanitse. Mtsikanayu anayambira pa buku la Sitandade 4. Akamaliza ndime ankandiuza m'Chichewa zimene wawerenga, kenako ankayesa kuzinena m'Chingerezi ndi ziganizo ziwiri. Kumapeto kwa kope lake tinatsegula tsamba la mawu a masamu: mawu achingerezi otanthauza zonse pamodzi, kusiyana, kugawana mofanana, chilichonse, zotsala, ndi tanthauzo lake pambali. Koma ndinamuchenjeza kuti asamangosaka liwu limodzi n'kuthamangira samu. Asanalembe nambala iliyonse ankayenera kundifotokozera nkhani ya funsolo m'Chichewa, kuti ndani ali ndi chiyani ndipo chikufunidwa n'chiyani.

Zolakwa zake polemba zinali zimene mphunzitsi aliyense wa kuno amazidziwa, ndipo zimachokera ku chinenero chathu. M'Chichewa timati iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye m'chimangirizo chake agogo aakazi ankasanduka aamuna pakati pa ndime. Zilembo l ndi r ankazisinthanitsa, chifukwa kwa ife sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. Aneni achingerezi amene amasintha thupi lonse akamanena zakale ankawapatsa mchira wofanana ndi anzawo. Sindinkachonga zolakwa zonse kamodzi. Sabata iliyonse ndinkasankha mtundu umodzi, chifukwa kope lofiira tsamba lonse mwana amangolitseka.

Kukweza fizi

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Pofika Disembala mtengo wa mapepala ndi fotokope unali utakwera, ndipo mwini chipinda anandiuza kuti lendi ikhala K13,000. Ndinawerenganso. Zochotsa zija zinafika pa K24,000, kutanthauza kuti pa fizi yakale ola langa likanatsika kufika pa K800, pamene ufa ndi sopo zikukwera. Ndinali ndi njira ziwiri, kuwonjezera ana awiri pa gulu kapena kukweza fizi. Ndinasankha kukweza kufika pa K10,000 kuyambira Januwale, ndipo ndinawauza makolo mwezi wathunthu zisanachitike, aliyense payekha, ndikuwaonetsa masamu omwewa. Ana asanu ndi mmodzi pa K10,000 ndi K60,000, kuchotsa K24,000 kutsala K36,000, ola limodzi K1,200.

Makolo awiri pa magulu onse anachotsa ana awo, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa mitengo inawapweteka monga inandipwetekera ine. Mmodzi mwa ana amenewo anali atangoyamba kugwira matebulo, ndipo zimandiwawabe. Malo awo anadzaza mu Febuluwale. Amayi a mtsikanayu anati K2,500 pasabata ayesetsa, koma Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndipo malonda sayenda. Ndinawasiya pa K2,000 mpaka Malichi. Pa gulu lililonse ndimatha kunyamula mwana mmodzi wolipira mochepera. Awiri sindingathe, ndipo ndimanena zoona kholo lachiwiri likapempha.

Pamene tinafika

Pakutha pa temu yachiwiri anapeza 43 pa masamu. Pakutha pa chaka, mu Julayi 2024, anapeza 54 pa masamu ndi 52 pa Chingerezi. Malikisi a kusukulu sindiwadalira okha, chifukwa mayeso a temu ina amakhala ophweka kuposa a temu ina. Ndinamupatsanso masamu khumi ndi awiri aja a tsiku loyamba: poyamba anakhoza anayi, tsopano khumi. Masamu a mawu m'Chingerezi anakhoza asanu ndi awiri pa khumi, kufanana ndi mmene ankakhozera ndikamuwerengera m'Chichewa. Ndime ya Sitandade 5 ija anaiwerenga mawu 71 pa mphindi.

Zina sizinayende. Kugawa manambala aatali kunali kukumuvutabe, makamaka yankho likakhala ndi 0 pakati: 824 ÷ 8 ankalemba 13 m'malo mwa 103. Chimangirizo chake chinali chachifupi, ziganizo zisanu ndi chimodzi zofanana kapangidwe, ndipo apa ndikuvomereza kuti nthawi yolemba ndinaipatsa yochepa, ndinakondera masamu. Mu Meyi anajomba sabata ziwiri amayi ake atadwala, iye akugulitsa pa benchi, ndipo atabwerera lamulo lakale lija linatulukiranso pa samu ziwiri mpaka tinabwerera ku makatoni masana amodzi.

Amayi ake atabwera kudzaona kope anafunsa ngati mwanayo adzasankhidwe kupita ku sekondale yogonera komweko. Ndinawauza kuti kukhoza mayeso a Sitandade 8 ndikukuona kuti n'kotheka, koma malo a sukulu zogonera ndi ochepa ndipo amapita kwa ana amene akhoza bwino kwambiri maphunziro onse asanu ndi limodzi, pamene ine ndimagwira awiri okha. Ndinati sekondale yoyendera ndi imene tiyenera kuiyang'ana moona mtima, ndipo akapitirira pamenepo tidzathokoza. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti tsopano mapepala a mayeso akale aja tiyamba liti. Ndinati mu Seputembala, pepala limodzi sabata ziwiri zilizonse, ndi wotchi patebulo, ndipo Lachitatu lililonse likhala la chimangirizo ndi kalata. Ndinamusamutsira ku gulu la ana a Sitandade 8, ndipo malo ake m'gulu lakale anatenga mnyamata wa Sitandade 5 amene pa 402 − 157 analemba 355.